Malangizo a malume kwa Tadala ndi Limbani pa tsiku la ukwati wawo

Zikomo a mkulu wa mwambo. Mafumu athu, abusa, makolo akuchimuna amene mwachokera ku Monkey Bay, ankhoswe anzanga, ndi nonse amene mwadzaza m'holo muno ngakhale kunjaku kwatentha chonchi, ndakulonjerani. Ndithokozenso anansi athu achisilamu amene munadzuka m'mamawa kudzatizingira mbuzi kuti tonse tidye m'mbale imodzi. Ndi mmene takhalira kuno ku Mangochi kuyambira kale, ndipo ana awa aone.

Ine ndine malume ake a Tadala. Mayi ake ndi mlongo wanga, bere limodzi. Akuchimuna atabwera kudzafunsira mbeta anafikira pakhomo panga, ndipo amene ndinavomera m'malo mwa mbumba yonse ndine. Choncho mundipirire, ndiyankhula motalikirapo pang'ono perekaniperekani asanapitirire.

Ndiyambe ndi inu akamwini, a Limbani. Tisanakuyankheni tinafufuza. Tinafunsa kudoko la ku Makawa kumene mumagula usipa, tinafunsa amayi amene amakuyanikirani pa thandala, tinafunsanso anzanu amene mumakwera nawo galimoto popita kumsika wa Limbe. Onse anati ndinu munthu wobweza ngongole pa tsiku lake. Mawu amenewo ndi amene anandikhazika mtima pansi, kuposa suti mwavalayi.

Koma geni ya nsomba ndikuidziwa, ndakulira m'mbali mwa nyanja yomweyi. Ndalama yake imabwera mwaphokoso, n'kuchoka osatsanzika. Usipa ukagwa, thumba limatupa, ndipo ngakhale munthu amene simunamuonepo amakutchulani bwana. Ukafika mwera wa mu Juni ndi Julayi, asodzi amakhala masiku osalowa m'madzi. Mu Novembala ndi Disembala boma limatseka nyanja kwa a makoka kuti chambo chiswane. Nanga mvula ikakunyowetserani nsomba pa thandala? Mabanja ambiri amene ndawaweruzapo milandu sanapasuke m'miyezi ya njalayo ayi. Anapasuka m'miyezi ya ndalama, pamene bambo anayamba kubisa zimene wapeza, mayi nayenso n'kuyamba kumanga zake pa mfundo ya chitenje.

Ndiye langizo langa lalikulu ndi ili: musabisirane. Mukabwera ku Limbe, khalani pansi ndi akazi anuwa, muwauze kuti ndinagula mwakuti, galimoto yadya mwakuti, yatsala iyi. Tsiku limene mwaluza, nenaninso. Mwamuna sachepa chifukwa chouza mkazi wake kuti lero zavuta. Amachepa pamene wa katapila wafika pakhomo kudzanyamula matiresi, mkazi asakudziwa n'komwe kuti panali ngongole.

Iwenso Tadala, mwana wa mlongo wanga, mawu omwewa akukukhudza. Ndiwe mphunzitsi, malipiro ako amabwera mwezi ndi mwezi, nyanja ikwiye isakwiye. Idzafika miyezi imene nyumba yonse idzadalira iwe. Pa miyezi imeneyo usadzakweze mapewa, usadzawerengere mwamuna wako mitanda ya nsima. Ukalowa banki mkhonde, adziwe. Ukafuna kutumizira mayi ako kangachepe pa foni, adziwe, ndipo mwezi wotsatira ukumbuke kuti ku Monkey Bay kulinso mayi amene anabereka mwamuna wakoyu. Mlendo wa kwanu akadya chambo, wa kwawo asadye bonya.

Tsopano pali mawu amene amanenedwa pa ukwati uliwonse, akuti banja ndi kupirira. Ndi zoona, koma ndikufuna ndiwalongosole pamaso pa anthu onsewa kuti mawa wina asadzawapotoze. Kupirira ndi pamene ufa watha m'nyumba inu n'kugona ndi phala osanyozana. Ndi pamene wina wadwala miyezi, mnzake n'kumachapa zofunda osadandaula. Madzi a m'nyanja akakwera n'kulowa m'nyumba, monga tinaonera mu 2024 m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ndi mwa Shire, inu n'kuyambiranso limodzi, kumeneko ndiye kupirira. Kumenyedwa si kupirira. Kutukwanidwa pamaso pa ana si kupirira. A Limbani, mwanayu tamulera popanda chipsera, ndipo sitinamugulitse. Dzanja lanu lisadzamukhudze mwaukali ngakhale tsiku limodzi. Dziko lino lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja kuyambira mu 2006, ndipo limateteza mkazi ndi mwamuna yemwe. Koma apolisi asanafike, mudzakhala mutakumana ndi ine. Tadala, lilime nalonso limavulaza. Ndimakudziwa, ukapsa mtima mawu amatuluka msanga. Uziyamba wamwa madzi.

Mukasemphana, ndipo mudzasemphana ndithu, yambani mwakambirana awiri m'chipinda, chitseko chotseka. Zikakanika, pali ife ankhoswe, ine ndi achimwene awo a Limbani akhala apowo. Tinavomera udindowu pamaso pa abusa ndipo sitidzatopa nanu. Musadikire kuti nkhani ionongeke kenako muzitiitana kudzagawa mapoto. Bwerani ikadali yaing'ono. Chimene ndikukanizani ndi kuitengera kumjigo, kubawo kapena kuilemba pa foni kuti dziko lonse liwerenge. Inu mudzakhululukirana usiku womwewo, koma amene anamva aja adzakumbukabe zaka khumi.

Ndinenenso za ulendo, chifukwa geni yanu ndi ya pamsewu. Zimene zimachitika kumadoko ndi kumalo ogona alendo tonse tikuzidziwa, ndipo tinaika m'manda anyamata amphamvu ambiri chifukwa cha zimenezo. Munachita bwino kukayezetsa magazi limodzi musanakwatirane. Sungani zimene munapezazo. Ndipo likadzabwera ganizo lopita ku Joni, monga achitira anyamata ambiri a boma lino, lisadzakhale la munthu mmodzi. Tili nawo amayi m'midzimu amene akulera ana okha, mwamuna anatchona, foni inasiya kulira kalekale. Ngati n'kupita, mugwirizane za tsiku lobwerera musanagule tikiti.

Za ana ndinena kwa abale, osati kwa awiriwa. Mphatso imeneyo amapereka ndi Mulungu pa nthawi yake. Azakhali a mbali zonse ziwiri, chonde musayambe kuwerenga miyezi ndi kuyang'ana pamimba pa mwanayu. Zikachedwa, awiriwa adzapita kuchipatala limodzi, osalozana zala.

Kwa inu makolo akuchimuna, Tadala tamupereka ndi manja awiri. Akalakwa mulangizeni ngati mwana wanu, ndipo zikakula mundiuze ine. Ifenso a Limbani tawalandira. Pakhomo pathu ku Mpondasi sadzafika ngati mlendo, ndipo sitidzawasandutsa thumba lathu la ndalama. Abale anga mwamva, ndanena pagulu dala.

Mlongo wanga, pukuta misozi. Unamulera movutika mwanayu bambo ake atatisiya, unagulitsa mandasi ndi nkhuni kuti amalize sukulu. Lero ukuona wekha.

Ana anga, ife a mbumba takupatsani mbuzi ziwiri zazikazi ndi matumba atatu a chimanga. Mbuzizo si za ndiwo, zisiyeni ziswane, ndipo chaka chamawa ndidzabwera kudzaona khola. Mulungu akudalitseni, akupatseni mtendere m'nyumba mwanu.

A mkulu wa mwambo, ndathokoza. Ndipemphe ankhoswe akuchimuna abwere kuno kutsogolo tigwirane chanza anthu akuona, kenako nawonso ayankhule.