Njira Yosinthira Zilembo Pamene abc = 1

Ophunzira anga a Fomu 4 kuno ku Nkhotakota, pamene nambala a, b, c zoposa ziro zili ndi lamulo lakuti abc = 1, lembani a = x/y, b = y/z, c = z/x, pamene x, y, z ndi nambala zoposa ziro, ndipo lamulolo limakwaniritsidwa lokha.

Tiyeni tiyese pa (a − 1 + 1/b)(b − 1 + 1/c)(c − 1 + 1/a) ≤ 1, funso limene limaoneka loopsa koma silili choncho. Mukasintha zilembo, limasanduka (x − y + z)(y − z + x)(z − x + y) ≤ xyz.

Ngati limodzi mwa magawo atatuwo lili pansi pa ziro, umboni watha, pakuti awiri sangakhale pansi pa ziro nthawi imodzi. Apo ayi, chulukitsani awiriawiri, poti x² − (y − z)² ≤ x², kenaka phatikizani zotsatira zitatuzo mochulukitsa ndi kutenga square root ya mbali zonse ziwiri.