Msonkhano wa kusiyana kwa manambala a katundu: Lachinayi pa 12 Juni, 9:00 mpaka 10:00 m'mawa

Kwa: Mkulu woyang'anira kosungira katundu, mkulu wa akawunti, mkulu wa zogulitsa, woyang'anira madalaivala
Kuchokera kwa: Mkulu woona za kayendetsedwe ka ntchito

Akuluakulu anzanga,

Ndikukuitanani kumsonkhano Lachinayi pa 12 Juni m'chipinda chochitira misonkhano cha pamwamba. Tiyamba 9 koloko yeniyeni ndipo titseka 10 koloko. Chipindacho ena achisungitsa kuyambira 10:15, choncho mpata wowonjezera nthawi palibe.

Nkhani ndi imodzi. Titawerenga katundu Lachisanu pa 30 Meyi, tinapeza kuti mwa mitundu 412 ya katundu, mitundu 38 manambala ake pashelefu sakugwirizana ndi a mukompyuta. Mitundu 29 ndi yoperewera, 9 ndi yopitirira. Sitikukumana kuti tilozane zala. Tikufuna kutuluka m'chipindamo titagwirizana njira imodzi yotulutsira ndi kulembera katundu, yoti iyambe kugwira ntchito Lolemba pa 16 Juni.

Zoti timange mfundo ndi zitatu: amene azisaina fomu katundu asanatuluke pakhomo, ola lomaliza lolowetsera zikalata za tsikulo mukompyuta, ndiponso ngati tiziwerenga m'makatoni kapena chimodzichimodzi. Yachitatuyi ndi imene ndikuiona kuti ikutipweteka kwambiri. Katoni ya zinthu 24 ikalowa ngati 1 polandira, kenako nkumatuluka chimodzichimodzi pogulitsa, kompyuta imachotsa 24 pamene inalandira 1, ndipo nambala imasokonekera ngakhale palibe chimene chasowa.

Ola limeneli tiligawa motere. Mphindi 5 zoyamba ndifotokoza zomwe tinapeza. Kenako aliyense wa inu anayi apatsidwa mphindi 5, zonse pamodzi 20, ndipo ikakwana nthawi ndidzadula mawu, chonde musadzandione ngati wamwano. Mphindi 25 zotsatira ndi zokambirana mfundo zitatu zija. Mphindi 10 zomaliza tilemba wochita chiyani ndi tsiku lomalizira.

Zoti mukonze ndi izi.

A kosungira katundu, bwerani ndi makhadi a pashelefu a mitundu 10 imene yasiyana kwambiri. Mndandanda wake uli pamwamba pa fayilo ya Excel imene ndaphatika pa imelo ino. Tikufuna makhadi enieniwo, osati okopera, chifukwa pofufutidwa ndi polembedwa ndi cholembera china pamaoneka bwino pa khadi lenileni. Mubweretsenso buku la mafomu otulutsira katundu a mwezi wa Meyi, mutaika chizindikiro pa fomu iliyonse yopanda saini.

A akawunti, sindikizani lipoti la kayendedwe ka mitundu 10 yomweyo kuyambira pa 1 mpaka pa 30 Meyi. Onetsetsani kuti likuthera pa 30 Meyi poweruka. Mukalitulutsa ndi tsiku la lero, lidzaphatikiza zogulitsa za mu Juni, ndipo tidzataya theka la msonkhano tikufananitsa manambala a masiku osiyana. Lipotilo lionetse tsiku lolembedwa pa chikalata komanso tsiku limene chinalowetsedwa mukompyuta, kuti tione zimene zinachedwa ndi masiku angati.

A zogulitsa, lembani katundu yense amene makasitomala anabweza mu Meyi, nambala ya invoisi yake, ndi kumene anaikidwa atabwezedwa. Ndikuganiza kuti ina mwa mitundu 9 yopitirira ija ndi yobwezedwa imene inabwerera pashelefu osalembedwa.

Woyang'anira madalaivala, sonkhanitsani zikalata zoperekera katundu zosainidwa ndi olandira, muzisanje motsatira masiku. Zosowa muzilembe papepala lapadera pamodzi ndi nambala ya galimoto.

Aliyense alembenso maganizo ake pa mfundo zitatu zija, osapitirira tsamba limodzi, anditumizire pofika Lachiwiri pa 10 Juni, 12 koloko masana. Ndiziphatikiza n'kukutumizirani nonse Lachitatu m'mawa kuti mudzabwere mutawerenga kale. Mumsonkhano sitidzawerengerana mapepala. Nkhani ya mashelefu atsopano ndi ya maola owonjezera ndikudziwa kuti zikukuvutani, koma zidikire msonkhano wa kumapeto kwa mwezi.

Chonde yankhani imelo ino pofika mawa 4 koloko madzulo kuti mubwera. Ngati simungathe, tumizani wachiwiri wanu amene ali ndi mphamvu zovomereza mfundo m'malo mwanu, ndipo mundiuze dzina lake. Munthu wongodzamvera kuti akakuuzeni satithandiza, chifukwa zomwe tigwirizane Lachinayi ndidzazitumiza kwa antchito onse Lachisanu masana.

Zikomo kwambiri,

Mkulu woona za kayendetsedwe ka ntchito