Mtima ukuthamanga kuposa miyendo

Akochi, mwaswera bwanji?

Pali chondizunguza mutu. Lachiwiri ndinathamanga makilomita 8 opepuka aja, kuchokera ku Chelstone kutsata Great East Road mpaka pafupi ndi Munali n'kubwerera. Ndinanyamuka cha m'ma 16 koloko nditaweruka. Liwiro linali lomwe lija la mphindi 6 ndi theka pa kilomita, koma wotchi inkaonetsa kuti mtima ukugunda ka 158 pa mphindi, pomwe mu Julaye njira yomweyi sunkapitirira 140. Mpweya sunkandithera, ndikanatha kucheza ndi munthu bwinobwino. Chinandidabwitsa kwambiri n'choti manambalawo ankangokwerabe chakumapeto, chonsecho ine ndinali nditachepetsa kale liwiro.

Dzuwa la Okutobala mukulidziwa, phula limachita kuotcha kudzera m'nsapato. Nditafika kunyumba malaya anali ndi mizere yoyera ya mchere, ndipo pasikelo ndinapepuka pafupifupi kilogalamu imodzi. Madzi sindinatenge, mundikalipire Loweruka.

Mnzanga wina, namwino, akuti kukatentha thupi limatumiza magazi ambiri kukhungu kuti lidziziziritse, ndipo thukuta limachepetsa madzi m'magazi, ndiye mtima umapopa ochepa pa kugunda kulikonse n'kumafulumira kuti ukwanitse. Kodi n'zokhazo, kapena ndatopa ndi mtunda wautali wa Lamlungu uja? M'mawa ndikadzuka ukugunda ka 54 monga mwa masiku onse.

Ndiye nditsate chiti, liwiro kapena mtima? Kuti ndikhale pansi pa 145 ndiye kuti pena ndiziyenda, ndipo manyazi amandigwira makondakitala akamandikuwiza. Kapena ndisinthe, ndizidzuka 5 koloko mpaka mvula itayamba?

Mundiyankhe lisanafike Lachinayi, chonde.

Tisa