Chikumbutso cha Malipiro a Invoisi Nambala 47

Mangochi Boma
6 Okutobala 2025

Okondedwa Bambo Saidi,

Ndikukhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse ogwira ntchito pamalo anu ogona alendo ku Nkopola. Ndalemba kalatayi pofuna kukukumbutsani za invoisi nambala 47 ya pa 14 Ogasiti 2025, yomwe ndalama zake zokwana K1,200,000 sizinalowe mpaka lero. Invoisiyi ndi ya chambo 120 pamtengo wa K8,000 chimodzi, ndi kampango 20 pamtengo wa K12,000 mmodzi, ndipo nsombazi anazilandira ndi kuzisayinira ndi mkulu wa kukhitchini kwanu. Malinga ndi mgwirizano wathu wa masiku 30, malipirowa anayenera kufika pa 13 Seputembala, kutanthauza kuti padutsa milungu yoposa itatu.

Pa zaka zinayi zimene takhala tikuchita malonda limodzi simunandivutitsepo pa nkhani ya ndalama, choncho ndikuganiza kuti mwina invoisiyi inangosokonekera pakati pa mapepala ena mu ofesi, kapena inu nomwe mukudikira alendo ena amene sanakulipireni. Ndaphatikiza kope lina la invoisiyi pamodzi ndi chikalata cholandirira katundu kuti musavutike kufufuza.

Ndikupempha kuti mumvetsenso mbali yanga. Asodzi amene ndimagulako nsomba ku Makawa sadziwa za masiku 30. Bwato likangofika pagombe m'bandakucha amafuna ndalama pamanja, ndipo amene wachedwa kutulutsa ndalama amangoona dengu likupita kwa wina. Pamwamba pa apo pali ayisi ndi mafuta a galimoto, zomwenso sizitengedwa pangongole. Ndalama imene ili kwa inuyi ndi gawo lalikulu la mpamba wanga, ndipo ndi yomwe ndikuyembekeza kugulira nsomba za Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala, pamene malo onse a m'mbali mwa nyanja amadzaza ndi alendo, kuphatikizapo nsomba zimene inu mwaitanitsa kale za tsikulo.

Ngati kulipira zonse nthawi imodzi kukulemera, ndili wokonzeka kulandira K600,000 pofika Lachisanu pa 10 Okutobala, ndipo yotsalayo pofika pa 31 Okutobala. Mutha kutumiza ku akaunti ya kubanki yomwe yalembedwa m'munsi mwa invoisi, kapena pa Airtel Money kapena Mpamba monga tinachitira mwezi wa Juni. Ngati pali china chimene sichikugwirizana ndi zolemba zanu, kaya chiwerengero cha nsomba kaya mtengo, chonde mundidziwitse pofika Lachitatu kuti tikonze msanga. Lachinayi ndidzakhala ndikudutsa kumeneko popita ku Monkey Bay, ndipo ngati mudzakhale ndi mpata ndingakonde kuima kuti tikambirane pamaso.

Ngati mwalipira kale kalatayi isanakupezeni, pepani chifukwa chokuvutitsani, ndipo mungonditumizira umboni wa malipirowo kuti ndikonze mabuku anga.

Ine wanu pa malonda,

Mayi Jafali