Mawu a mkulu watsopano wa zamalonda pamsonkhano wa ogwira ntchito

Bwana mkulu, atsogoleri a nthambi, amayi ndi abambo, zikomo pondipatsa mpata.

Pano ndangotha miyezi iwiri yokha, koma zonenedwa kukantini zandifika kale. Akuti kwabwera munthu wodzapaka penti botolo, chikomekome cha mkuyu. Sindinakwiye, nanenso ndikanakhala inu ndikananena zomwezo. Ena mwa inu munayamba kukazinga mtedza pano ine ndikadali ku pulaimale.

Ndiyambe ndi zomwe sizisintha. Chiponde chathu sitichikhudza. Mtedza ukhala womwewu wa ku Mchinji, mchere muyezo womwewo, dzina lomwelo, chidindo cha MBS pamalo pake. Palibe amene achotsedwe ntchito chifukwa cha nkhani yosintha maonekedwe a botoloyi, ndipo bwana mkulu ali apa, anditsutse ngati ndanama.

Sabata zitatu ndakhala ndikukwera galimoto yoperekera katundu, kuzungulira Limbe, Ndirande, Bangwe mpaka Lunzu. Pagolosale ina ku Ndirande ndinaima pafupifupi ola lathunthu. Mukudziwa mmene zimakhalira, katundu ali kuseri kwa waya, wogula amangoloza chala. Mayi wina anafika ndi mwana kumsana nati, "Mundipatse chiponde chija cha chivindikiro chofiira." Pashelefu panali mabotolo atatu a zivindikiro zofiira, lathu lili pakati. Mnyamata wogulitsa anatola lomwe linali pafupi ndi dzanja. Silinali lathu. Ndinatsatira mayiwo panja kuwafunsa, ndipo chomwe ankafuna chinali chathu, koma dzina sanalione. Zilembo zathu n'zazing'ono, ndipo pepala likawombedwa ndi dzuwa limayezuka.

Ndiye tikusintha izi. Chivindikiro chikhala chobiriwira, dzina likula kuti liwerengeke munthu ataima kunja kwa waya, ndipo mawu a pabotolo akhalanso m'Chichewa. Tiwonjezera kabotolo kakang'ono, chifukwa chigwereni kwacha mu Novembala 2023 anthu ambiri akugula zapang'onopang'ono. Magalimoto ndi mayunifolomu zidzatsatira pambuyo.

Funso lalikulu ndikulidziwa: ndalama zosindikizira mapepala zilipo, nanga zokweza malipiro? Za malipiro sindingalonjeze, si ine woyenera. Chomwe ndinganene n'chakuti mapepala akale tiwagwiritsa ntchito mpaka athe, sititaya ndi limodzi lomwe, ndipo atsopano tidzaitanitsa nthawi yomwe tikanaitanitsabe.

Pali chimodzi chomwe ndalakwitsa kale. Ndinasankha pepala lonyezimira osafunsa amayi a kopakira, ndipo andiuza kuti guluu saligwira botolo likakhala ndi mafuta. Talisiya.

Mabotolo achitsanzo ali patebulo apo, mitundu iwiri. Agwireni, aikeni padzuwa, pitani nawo kunyumba mukaonetse apabanja. Madalaivala ndi ogulitsa, inu ndikufuna tikhale pansi Lachisanu 10 koloko, mudzandiuze zomwe eni magolosale anena. Amene ali ndi funso tsopano, ndaima pompano.