Mbenji akatsekedwa, njala imagwera ndani? Njira zochitira kafukufuku ndi phindu lake (zophatikiza pa kalata yofunsira malo a digiri ya PhD)

4. Njira zochitira kafukufuku

Kafukufukuyu achitika m'boma la Salima, pa chilumba cha Mbenji ndi m'midzi yoyandikira doko la Chikombe, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ufumuwu umatseka usodzi pa chilumbachi nthawi ya dzinja. Masiku ano chimatsekedwa mu Disembala n'kutsegulidwa mu Epulo, kuti utaka uswane. Miyezi imeneyi ndi yomwenso nkhokwe zimakhala zitauma. Funso langa lili pamenepo: nsomba zikamapuma, alovi ogwira ntchito m'mabwato a eni, amayi oyanika ndi ogula nsomba amadya chiyani, ndipo amalowera kuti?

Kuti ndisamangoyamikira Mbenji popanda pomuyerekezera, nditenganso thamanda la Chia ku Nkhotakota, komwe usodzi umayang'aniridwa ndi makomiti a m'madoko mothandizana ndi Nthambi ya za Usodzi, potsata lamulo la usodzi la 1997.

Ndidzakhala kunyanja miyezi 14, kuti ndione kutseka, njala, mwambo wotsegulira, ndi nyengo ya mwera. Ntchito yaikulu idzakhala kutsatira mabanja 120, theka ku Chikombe, theka ku Chia. Ndidzawasankha mwamaere kuchokera m'kaundula wa makomiti, nditawagawa m'magulu atatu: eni zida, alovi, ndi amalonda a nsomba. Kaundula wotere kawirikawiri amakhala ndi eni mabwato ndi maukonde a chilimira, pomwe mlovi wobwera kudzagwira ganyu salembedwa. Choncho ndidzayamba ndawerenga ndekha anthu pa doko m'mamawa, mabwato akamakocheza. Banja lililonse lidzachezeredwa kanayi. Mafunso adzakhala a zinthu zowerengeka: adya kangati dzulo, ali ndi ngongole kwa ndani, agulitsa katundu wanji, bambo akagona doko liti. Nsomba ndidzazilemba m'zigoba ndi m'ndowa, monga amagulitsira eni ake, kenaka ndidzayeza miyezo imeneyo pa sikelo. Kufunsa mayi woyanika usipa kuti wagula makilogalamu angati n'kupempha bodza.

Padzakhalanso kucheza mozama ndi anthu pafupifupi 40: mafumu, akuluakulu a komiti ya chilumba, asiginala otsogolera asodzi komwe kuli nsomba, alangizi a usodzi ndi okalamba okumbukira malamulo akale. Magulu okambirana adzakhala a amayi paokha ndi alovi paokha, chifukwa mlovi sangadandaule za kagawidwe ka ndalama bwana wake ali pomwepo. Ndidzawerenganso malipoti akale a usodzi ku nyumba yosungira mbiri ya dziko ku Zomba.

Pali malire amodzi ofunika kuwanena poyera. Mwambo suloleza akazi kuponda pa Mbenji, monganso suloleza mowa, chamba ndi juga. Ine ndine mkazi, ndipo sindidzapempha kuti lamulolo lipindidwe chifukwa cha sukulu. Za pachilumba adzazilemba wondithandiza wamwamuna, yemwe ndidzamuphunzitse ndi kukambirana naye zolemba zake akabwera kumtunda. Ndidzakhala kumtunda komweko, pa matandala oyanikira, pomwe pali amayi amene moyo wawo umadalira chilumba chimene sanachipondepo.

Mayankho a mabanja ndidzawasanthula ndi pulogalamu ya pakompyuta ya R, poyerekeza banja lomwelo nyengo ndi nyengo, ndi madera awiriwo. Zokambirana zidzalembedwa m'Chichewa kapena m'Chiyao momwe zinalankhulidwira, n'kuziika m'mitu ndisanazimasulire. Sindidzayamba ntchito popanda chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku, cha khonsolo za maboma awiriwa, ndi cha mafumu. Maina adzabisidwa. Woulula kuti amaponya ukonde woletsedwa sindidzakamunenera kwa aliyense.

5. Phindu loyembekezeka

Katswiri wa ku America Elinor Ostrom anaonetsa mu 1990 kuti anthu atha kusamala chuma cha onse ndi malamulo awoawo, ndipo Mbenji amatchulidwa ngati umboni wa zimenezi. Sindikutsutsa. Chimene ndikuwonjezera ndi mtengo wa chipambanocho komanso amene amaulipira. Ngati kudzapezeke kuti asodzi amangosamukira ku Senga Bay kapena ku madoko a Nkhotakota, ndiye kuti mpumulo wa Mbenji umasenzetsa katundu madzi ena, ndipo tanthauzo la "kuyenda bwino" liyenera kuunikidwanso. Kukapezeka kuti mabanja ali ndi njira zopulumukira, monga ulimi wa mpunga kapena banki m'khonde, njirazo zidzalembedwa bwino kuti ena aphunzirepo.

Kwa Nthambi ya za Usodzi, kafukufukuyu adzapereka chiwerengero cha miyezi yovuta ndi magulu ovutika kwambiri, zofunika kuzidziwa dongosolo la Mbenji lisanakoperedwe kwina. Kuchokera m'ntchitoyi ndidzalemba nkhani zitatu za m'magazini a kafukufuku, ndi lipoti lalifupi la m'Chichewa lomwe ndidzakawerenge pa misonkhano ku Chikombe ndi ku Chia, eni ake akonze pomwe ndaphonya ndisanapereke buku langa ku yunivesite.