Mbiri ya Ntchito: Manejala Wamkulu, Nkhotakota

Zaka 17 pa ntchito yogula, kupuntha ndi kugulitsa mpunga, 9 mwa izo pa utsogoleri. Ndalemba maudindo awiri omaliza okha, poti ndiwo akukhudzana ndi ntchito ndikufunsirayi.

Manejala Wamkulu, kampani yopuntha mpunga, Nkhotakota (2019 mpaka lero)

Ndimayankha ku bodi. Pansi panga pali mamanejala 5 ndi antchito okhazikika 86, ndipo nthawi yokolola timawonjezera aganyu pafupifupi 200. Bajeti ya chaka ndi K2.4 biliyoni, theka lake logulira mpunga wa Kilombero kwa alimi 3,100 a m'makalabu, ambiri a kusikimu ya Bua.

Ndinakhazikitsa lamulo loti thumba lililonse liyezedwe chinyontho pogula, chisapose 14 peresenti. Mpunga wosauma bwino umachita nkhungu m'nkhokwe ndipo umasweka m'chigayo. Wosweka unatsika kuchoka pa 22 kufika pa 13 peresenti m'zaka ziwiri.

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndinakonzanso bajeti m'masabata atatu, osachotsa wantchito ngakhale mmodzi.

Woyang'anira Ntchito Zogula Mbewu, Salima (2015 mpaka 2019)

Antchito 24, misika 11 kuphatikizapo Lifuwu, bajeti K380 miliyoni. Ndinasiyitsa kulipira alimi ndalama pamanja, tinayamba kulipira pafoni.

Zaka zoyambirira ndinali mlangizi wa zaulimi, kenaka wosunga nkhokwe.

Maphunziro: digiri ya zaulimi, Koleji ya Bunda, 2007.

Mayina a ondichitira umboni ndidzapereka mukawafuna.